Kufufuta munthu pa chithunzi: ndi chinyengo kodi?

"Pa chithunzi cha chinkhoswe chathu ku Matero pakuoneka mwamuna wina wongodutsa kumbuyo. Ndikamufufuta, ndalakwa?"

Ayi amayi, mufufuteni. Chithunzicho ndi chokumbukira tsiku lanu, ndipo palibe amene adzachigwiritse ntchito pofuna kudziwa kuti anadutsa pamsewupo ndani.

Zimasintha chithunzi chikakhala mboni. Tiyerekeze minibasi yagunda galimoto pa Great East Road, inu mwajambula, kenako mwachotsa kondakitala amene anaimirira pakati pa msewu chifukwa akutchinga nambala ya galimoto. Mwina ndiye anachititsa kuti dalaivala akhotere kumbali! Komanso foni sidziwa zimene zinali kuseri kwake. Imangopeka potengera zozungulira, choncho nambala yotulukayo ndi yabodza. Apolisi kapena a inshuwalansi akaona mthunzi wopanda mwini, kapena mizere ya msewu yoduka, adzakayikira chithunzi chonsecho, ndi inu nomwe.

Atolankhani lamulo losafufuta kanthu pa chithunzi amaligwira zolimba. Mu 2014 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linasiya kugwira ntchito ndi wojambula wina chifukwa chofufuta kamera ya mnzake pa chithunzi cha nkhondo ya ku Syria. Kamera chabe, osati munthu.

Ngati mukufuna kuteteza mwana pa chithunzi cha nkhani, phimbani nkhope yake moonekeratu kuti aliyense adziwe kuti pabisidwa kanthu, ndipo chithunzi choyambirira musunge osachikhudza.