Kudzimbidwa pa nthawi yoyembekezera ndi mapiritsi a ayironi

"Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo chiyambireni kumwa mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo, ndikudzimbidwa ndiponso chimbudzi chikutuluka chakuda. Kodi ndisiye kumwa?"

Musasiye, mayi, chifukwa thupi lanu likufunikira ayironi wambiri tsopano, ndipo kuchepa magazi n'koopsa kwa inu ndi kwa mwana, makamaka pobereka. Chimbudzi chakuda sichachilendo, chifukwa ayironi yemwe thupi silinatenge amatuluka nacho. Chodetsa nkhawa ndi chimbudzi chonanda ngati phula ndi chonunkha kwambiri, kutuluka magazi ambiri, kupweteka kwa m'mimba kosaleka kapena kusanza, ndipo zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pathupi pamafooketsa matumbo, choncho chakudya chimayenda pang'onopang'ono n'kuuma, ndipo ayironi amawonjezera kuumako. Yambani ndi nsima: ufa woyera udachotsedwa gaga, pomwe mgaiwa uli nawo, ndipo gagayo ndiye amasunga madzi m'chimbudzi. Onjezerani nyemba, chisoso, bonongwe ndi papaya lakupsa bwino, osati laliwisi. Koma zonsezi popanda madzi zimangotupitsa mimba, choncho muzimwa makapu 8 kapena kuposerapo patsiku, muziyenda pang'ono, ndipo mukafuna kupita kuchimbudzi musamadzigwire.

Piritsilo musamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'magazi. Pakatha sabata osasintha, auzeni anamwino. Akhoza kukupatsani lakitulozi, mankhwala ofewetsa chimbudzi omwe amagwira ntchito pakatha tsiku limodzi kapena awiri, kapena kusintha kamwedwe ka ayironiyo atayeza magazi anu. Mafuta a nsatsi ndi mankhwala azitsamba otsegula m'mimba musayerekeze, chifukwa angathe kuyambitsa matenda a kubereka nthawi isanakwane.