Kalata yopempha makoteshoni a madesiki

"Anzanga, komiti ya pasukulu pathu ikulembera sapulaya kuti atipatse makoteshoni a madesiki a makampani angapo. Tiikemo chiyani m'kalatamo?"

Mayi, chonde musalembe momwe ndinalembera ine mu 2023 ndili mlembi wa komiti. Ndinangoti "tipatseni mitengo ya madesiki 40 okhala ana awiri, a makampani atatu", apampando n'kusaina, ahedi n'kudinda, basi. Sapulaya amene tinamulemberayo anatibweretsera mapepala atatu, ife n'kusankha wotchipa. Sitinadziwe kuti wotchipayo chitsulo chake n'cha mamilimita 1.2 pomwe enawo n'cha 1.6, ndipo pamwamba si thabwa koma bolodi ya utuchi yomata, yopaka vanishi kuti iwale.

Pepala lake linalibenso tsiku lothera mtengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, anatiuza kuti ndalama yathu ikukwana madesiki 28 okha, thiransipoti tilipire tokha. Tinali titapereka kale theka.

Mvula itayamba, denga la Sitandade 3 limadontha, mabolodi aja anafufuma ngati buledi, misomali n'kuzuka. Tsiku lina mwendo wa desiki unathyoka powotcherera, kamtsikana n'kugwa, chitsulo n'kukacheka pa katumba. Mayi ake anabwera naye kumsonkhano wa makolo bandeji ili kumwendo, n'kundiloza pamaso pa amfumu: "Mwadya ndalama za ana athu inu!" Ine amene ndinkapita kuboma pa njinga yanga, osalandira ngakhale ya sopo. Usiku umenewo sindinagone. Munthu woipa uja foni anasiya kuyankha, koma mpaka lero akugulitsabe kusukulu zina, mtima umandiwawa ndikamuona.

Ndiye m'kalatamo nenani desiki imodzi yomwe mukufuna, kuti makampani onse atchule mtengo wa chinthu chofanana: ya makalasi ati, chitsulo chochindikala bwanji, thabwa lenileni la paini kapena bulugamu louma bwino, lomanga ndi mabawuti. Pa kampani iliyonse alembe dzina lake, mtengo wa desiki imodzi, ngati msonkho ndi thiransipoti yofika pasukulu zili momwemo, masiku amene mtengowo ukhale osasintha, ndi amene adzakonze ikathyoka chaka chisanathe. Muikenso tsiku lomaliza kulandira mayankho.

Dziwaninso kuti mapepala atatu ochokera kwa munthu mmodzi si makoteshoni atatu. Kalata yomweyo itumizeni kwa masapulaya atatu osadziwana, apo ayi odzafufuza mabuku adzakupanikizani.

Koma kunena zoona, pepala musalikhulupirire. Abweretse desiki imodzi yachitsanzo, akuluakulu awiri akhalepo n'kuigwedeza, muitembenuze muone powotcherera ndi m'mphepete mwa thabwa. Ikhale mu ofesi ya ahedi mpaka zinazo zitafika, muziyerekeze, ndipo musapereke ndi tambala yomwe musanawerenge zonse. Ine lero ndikanangopita kwa kalipentala ndi wowotcherera a pamsika pathu, amene ana awo amaphunzira pomwepo.