Sinipeti isamayambire pa moni, idziyambira pomwe pali mawu amene munthu wasaka

"Akuluakulu thandizeni. Ndili ndi kawebusaiti ka nkhani za ulimi, kusaka ndikugwiritsa ntchito SQLite FTS5 ndipo zotsatira zikubwera bwinobwino. Koma pansi pa mutu ndimangodula zilembo 200 zoyambirira ndi `substr`, kenako `str_replace` kuti mawu osakawo ade. Nthawi zambiri palibe chikuda, pena pakutuluka kachizindikiro ka � . Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, FTS5 imene muli nayo kaleyo ili ndi zonse zimene mukuvutika nazo kupanga pamanja, kungoti simunazitsegule. Koma ndisanakupatseni kodi ndiyambe ndi chifukwa chake, chifukwa mukangokopa osamvetsa mudzabweranso sabata yamawa ndi vuto lina la banja lomwelo.

Zilembo 200 zoyambirira za nkhani ya ulimi nthawi zambiri ndi moni basi, "alimi anzathu tikulandireni, nyengo ya mvula yayandikira" ndi zina zotero, ndiye munthu akasaka feteleza wa chimanga akuona zotsatira khumi zonse zikumupatsa moni kkkk, sangadziwe kuti adine iti. Adina yoyamba, bando ikutha, wabwerera, adina yachiwiri. Ntchito ya sinipeti ndi kumusonyeza pamalo penipeni pamene mawu ake ali ndi timawu tozungulira, kuti aweruze yekha asanatsegule. Nzeru yake ndi yakalekale, Hans Peter Luhn wa ku IBM ankachita kale zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ankazitcha KWIC, mawu ofunika pakati, owazungulira uku ndi uku.

Tiyerekeze nkhani yanu ina ili ndi mawu 400, munthu walemba feteleza chimanga. Feteleza akupezeka pa mawu a nambala 12, 95 ndi 230, chimanga chili pa 40, 236 ndi 380. Inu mukufuna kadulidwe ka mawu 20 okha. Ganizani ngati kazenera kamene mukukayendetsa pamwamba pa nkhaniyo. Pa 12 kagwira feteleza yekha, pa 40 chimanga chokha, pa 95 feteleza yekhanso. Koma mukakaika kuyambira cha pa 225 mpaka 244 kagwira onse awiri, ndipo mwina mpamene pali chiganizo chonena nthawi yothira feteleza wachiwiri mu chimanga, chimene munthuyo amafuna. Chofunika apa ndi kuwerenga mawu OSIYANA amene alowa m'zeneramo. Kazenera kamene kali ndi feteleza katatu koma chimanga mulibe kayenera kugonja kwa kamene kali ndi feteleza kamodzi ndi chimanga kamodzi. `snippet()` ya FTS5 imayesetsa kuchita zomwezi, komanso imakondera kadulidwe koyambira kumayambiriro kwa kolamu kapena pambuyo pa `.` kapena `:` kuti kasayambire pakati pa ganizo.

Kodi yake ndi iyi, ndikuganiza kuti tebulo lanu lili ndi mutu ndi thupi:

```sql
SELECT highlight(nkhani, 0, char(2), char(3)) AS mutu,
       snippet(nkhani, 1, char(2), char(3), '…', 20) AS kadulidwe
FROM nkhani WHERE nkhani MATCH ?
ORDER BY rank LIMIT 10;
```

0 ndi 1 ndi manambala a makolamu, amayambira pa 0, mukaika -1 mu `snippet()` imadzisankhira yokha kolamu. `highlight()` imabweza kolamu yonse osadula, ndiye ndiyabwino pa mutu poti ndi waufupi. 20 wakumapetoyo ndi kuchuluka kwa mawu, malire ake ndi 64, simungapyole. Ine pa foni ndimakonda pakati pa 15 ndi 25, mawu achichewa ndi aatali, "tidzawathandizanso" ndi liwu limodzi koma latenga pafupifupi theka la mzere pa kasikirini kakang'ono, ndiye mukaika 40 chotsatira chimodzi chidzaza foni yonse ndipo phindu loona mwachangu latha.

Tsopano chifukwa chimene mawu sakuda, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Amene akupeza nkhani ndi wina, amene akudetsa mawu ndi winanso, ndipo awiriwa sakuwerenga mofanana. FTS5 mukapanda kuiuza china imagwiritsa ntchito tokenaiza yotchedwa `unicode61` pogawa nkhani kukhala mawu amodziamodzi. Iyi sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, komanso imachotsa tizipewa ta pa zilembo, ndiye kwa iyo Malaŵi ndi Malawi ndi malawi ndi chinthu chimodzi. Pamene `str_replace` yanu ikufuna zilembo zifanane ndendende. Munthu walemba malawi, FTS5 yapeza nkhani yolembedwa Malaŵi, `str_replace` yafufuza malawi yamusowa, palibe chada, wowerenga akuganiza kuti sechi yanu ndi yabodza pamene yachita bwino. Chizindikiro chake n'chimenechi, mukaona chotsatira chabwera koma mulibe liwu lakuda ngakhale limodzi, dziwani kuti wosaka ndi wodetsa sakumvana. Imakulumaninso mbali inayo, munthu akasaka ana, `str_replace` idetsa ana wa mkati mwa anabzala, anakolola, ngakhale m'kati mwa banana, pamene FTS5 inapeza nkhaniyo chifukwa cha liwu lathunthu ana. Mukalola `snippet()` kudetsa, ikugwiritsa ntchito tokenaiza yomwe ija inapeza nkhani, ndiye zodetsedwazo ndi zomwezo zimene zinagwirizanadi.

Ka � kaja ndi `substr`. Imawerenga mabaiti osati zilembo, ŵ mu UTF-8 ndi mabaiti 2, ka apositirofe kopindika kaja kamene mafoni ena amaika okha ndi mabaiti 3, ndiye mpeni ukagwera pakati pake patsala chidutswa chosawerengeka. Pena paliponse pamene mukudula nokha gwiritsani `mb_substr`.

Mwina mwadabwa kuti bwanji ndaika `char(2)` ndi `char(3)` m'malo mongoika `<mark>` pompo. Ndinapsa nazo ine. `snippet()` siyeretsa HTML, imangobweza zimene zili mu detabesi kuphatikiza zizindikiro zanu. Tsiku lina kadulidwe kanagwera pakati pa tagi ya linki, inatseguka osatsekeka, zotsatira zonse za m'munsi zinasanduka linki imodzi yaitali ya buluu, ndinatha madzulo onse ndikufufuza mu CSS kumene kunalibe vuto. Ndipo imeneyo ndi yoseketsa chabe, ngati anthu ena amatha kulemba pa webusaiti yanu wina akhoza kulowetsa `<script>` n'kumayenda pa mafoni a owerenga anu. Mukayeretsa pambuyo poika `<mark>`, nayenso `<mark>` ayeretsedwa n'kumaoneka ngati zilembo wamba. Ndiye ndondomeko yake ndi kuika kaye zizindikiro ziwiri zimene munthu sangazilembe pa kiyibodi, kuyeretsa zonse, kenako n'kuzisintha:

```php
$s = htmlspecialchars($row['kadulidwe'], ENT_QUOTES, 'UTF-8');
$s = str_replace(["\x02", "\x03"], ['<mark>', '</mark>'], $s);
```

Komanso mu tebulo la FTS muziikamo mawu okhaokha, matagi muchotseretu musanasunge, apo ayi mawu 20 anuwo adzatheramo a `div` ndi a `class`.

Pali zachichewa ziwiri zimene mabuku a SQLite sangakuuzeni mwachindunji. Choyamba apositirofe. `unicode61` imaitenga ngati polekanitsa mawu, ndiye ng'ombe amasungidwa ngati ng ndi ombe, m'munda ngati m ndi munda. Poyamba ndinkaona ngati ndi vuto, ndinapita kukaiwonjezera pa `tokenchars` kuti ikhale gawo la liwu, n'kuzindikira kuti tsopano wosaka munda sakupezanso nkhani zolembedwa m'munda, ndinabweza msangamsanga. Isiyeni momwemo. Chimene muyenera kuchita ndi kukutira liwu lililonse limene munthu walemba mu makoteshoni awiri musanapereke ku `MATCH`, chifukwa ng'ombe wosakutira amabweretsa `fts5: syntax error`. Mukakutira, `"ng'ombe"` amasakidwa ngati ng wotsatiridwa ndi ombe, liwu lonse limada pamodzi, ndipo zilibe kanthu kuti wolemba anaika apositirofe yowongoka kapena yopindika poti zonse zikutayidwa. Ngati munthu walemba koteshoni yake m'kati, muilembe kawiri.

Chachiwiri ndi aneni athu. Chingerezi chimasintha kumchira, ndiye `plant*` amagwira zambiri, koma ife timasintha kumutu, kubzala, anabzala, tidzabzala, osabzala, ndipo nyenyezi ya FTS5 imagwira ntchito kumapeto kokha. Tokenaiza ya `porter` ndi ya Chingerezi, musadzivutitse. Chimene chilipo ndi `trigram`, inabwera mu SQLite 3.34.0 mu 2020, imadula mawu m'tizidutswa ta zilembo zitatuzitatu, moti wosaka bzala apeza onse aja ndipo chimada ndi bzala wa m'kati mwa liwu. Koma ili ndi mtengo wake. Indekisi imakula, liwu losakwana zilembo 3 silipeza kanthu, ana uja ayambiranso kugwira anabzala, ndipo kachipewa ka ŵ siichotsa mukapanda kuiuza. Choopsa kwambiri pa funso lanu n'chakuti 20 uja tsopano akuwerenga tizidutswa osati mawu, ndiye sinipeti ikutuluka ya zilembo 22 zokha, ngakhale muike 64 mupeza zilembo ngati 66, timawu 8 kapena 9, todulidwanso pakati. Mukasankha `trigram` tengani `highlight()` ya thupi lonse, mupeze pamene pali `\x02`, mudule nokha kazenera kuzungulira pamenepo, mufutukule mbali zonse mpaka pa mpata, ndipo muonetsetse kuti simunadule pakati pa `\x02` ndi `\x03` yake. Kwa webusaiti ya ulimi ine ndikanakhala kaye pa `unicode61`, anthu amasaka mayina a zinthu kwambiri, feteleza, fodya, soya, ntchemberezandonda, ndipo mayinawa sasinthasintha ngati aneni.

Chomaliza onani mmene munapangira tebulo. Ngati munaika `content=''` kuti musunge malo, FTS5 ilibe mawu enieni oti idule, `snippet()` siingakupatseni kanthu. Ngati munaika `content='dzina_la_tebulo'` ndipo mumakonza nkhani popanda matiriga osintha indekisi, mudzaona chodabwitsa, liwu lolakwika likuda, mwina loyandikana ndi lenilenilo, chifukwa indekisi ikukumbukira malo akale pamene nkhani inasuntha. Mankhwala ake apompopompo:

```sql
INSERT INTO nkhani(nkhani) VALUES('rebuild');
```

kenako ikani matiriga a `INSERT`, `UPDATE` ndi `DELETE` kuti zisabwererenso. Mukatha yesani kusaka malawi ndi zilembo zazing'ono, ng'ombe, munda, ndi liwu limodzi limene mukudziwa kuti lili m'ndime yomaliza ya nkhani yaitali, zikakanika pena tumizani `CREATE VIRTUAL TABLE` yanu pano tione.