Nyumba zingapo za lendi pa puloti imodzi: yambani ndi njira

"Ndili ndi puloti m'tauni ya mamita 20 kumbali ya msewu ndi mamita 30 kulowa mkati, ndipo palibe chomangidwa. Ndikufuna kumangapo nyumba zisanu za lendi, iliyonse ya zipinda ziwiri zogona, koma geti ikhale imodzi. Mmisiri wanga akuti tiike njira pakati, nyumba zikhale uku ndi uku. Nkhawa yanga ndi yoti alendi azidzaonerana zam'nyumba ndi kumakangana. Ndiziyale bwanji? Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndalama zake ndasunga kwa zaka zambiri."

Mayi, chinthu choyamba kujambula papepala chisakhale nyumba ayi, koma njira imene anthu azidzayendamo kuchokera pageti kufika pakhomo pawo, chifukwa njirayo ndi imene imagamula amene azidzadutsa pazenera la mnzake tsiku ndi tsiku. Maganizo a mmisiri wanu ndi ofala, ndipo chimene amakondera n'chakuti njira imodzi imatumikira mizere iwiri ya nyumba, koma pa puloti ya mamita 20 m'lifupi sindingakulangizeni kutero. Mukachotsa mamita 4 a njira pakati, mbali iliyonse imatsala ndi mamita 8, ndipo mukasiya mita ndi theka pakati pa nyumba ndi mpanda, nyumbayo imatsala ndi mamita 6 ndi theka. Zotsatira zake n'zakuti makomo amapenyana pa mtunda wa mamita 4 okha, ndipo kuseri kulibe bwalo koma kampata kopanikizika, kotero kuti kuchapa, kuyanika zovala ndi kucheza ndi alendo zonse zimachitikira panjira pomwepo, aliyense akuona.

Ndinalowapo m'mpanda wina womangidwa motere masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinapeza makatani onse ali otseka, magetsi akuyaka m'nyumba, pomwe pazenera lina anali atamatapo makatoni kufika pakati. Anthu okhalamo sanali odana ayi, koma analibe njira ina yodzitetezera ku maso a anzawo kupatula kudzimana kuwala ndi mphepo. Mukadzaona zotere pena paliponse, dziwani kuti vuto linayambira pa pulani.

Chimene ndingachite pa puloti yanu ndi kukankhira njira kumbali imodzi, kuti itsate mpanda kuchokera kumsewu mpaka kumapeto, kenaka nyumba zonse n'kuzindanda mumzere umodzi, makomo ake akupenya mpandawo. Motero munthu akatsegula chitseko amaona khoma kapena maluwa, osati pabalaza pa mnzake. Mamita 20 aja ndingawagawe chonchi: mamita 3 ndi theka akhale njira, yomwe galimoto ikhoza kudutsamo, mamita 2 akhale khonde ndi kamalo ka maluwa kolekanitsa njira ndi khoma la nyumba, mamita 8 akhale nyumba yeniyeniyo, ndipo mamita 6 ndi theka otsalawo akhale bwalo lakuseri, logawidwa ndi makoma kuti banja lililonse likhale ndi lakelake. Bwalo limeneli ndilo mtima wa pulani yonseyi, chifukwa ntchito zimene zimayambitsa mikangano zikapeza malo kuseri, njira imatsala ndi ntchito imodzi yokha, yodutsamo.

Tsopano tiyeze mamita 30 olowa mkati, pakuti apa ndi pamene funso la nyumba zisanu likuyankhidwira. Kumsewu siyani mamita 5, omwe ndi utali wa malo oimikapo galimoto yaing'ono, ndipo m'dera limeneli mukhoza kuima galimoto ziwiri, mukhalenso mabini a zinyalala ndi mamita a madzi. Kumapeto siyani mamita 4 a thanki ya zonyansa za m'chimbudzi ngati m'msewu mwanu simudutsa paipi ya suweji. Otsala ndi mamita 21. Mukawagawa patatu, nyumba iliyonse imakhala ya mamita 7 m'lifupi ndi 8 m'litali, ndipo zipinda ziwiri zogona zimakwanamo bwino. Mukawagawa panayi, iliyonse imapeza mamita 5 ndi kota, omwe ndi okwanira nyumba yabwino ya chipinda chimodzi chogona. Koma mukawagawa pasanu, iliyonse imatsala ndi mamita 4 ndi masentimita 20, makoma asanachotsedwe, ndipo popeza nyumba zapakati pa mzere zimalandira kuwala kumaso ndi kuseri kokha, chipinda china kapena bafa zidzasowa zenera. Choncho yankho langa ndi nyumba zitatu za zipinda ziwiri, kapena zinayi za chipinda chimodzi. Ndikudziwa kuti kusiya nyumba ziwiri n'kowawa kwa munthu amene wawerengera kale lendi yake, koma nyumba yamdima ndi yopanikizika imasinthasintha alendi, ndipo mwezi uliwonse umene yakhala yopanda munthu ndi ndalama yotayika. Musanakhulupirire manambala angawa, kafunseni ku khonsolo mtunda umene amalamula kusiya kuchokera kumsewu ndi kumalire, komanso kuchuluka kwa nyumba zololedwa pa puloti imodzi m'dera lanu, chifukwa malamulowa amasiyana malo ndi malo ndipo ndi amene ali ndi mawu omaliza.

Tilowe m'nyumba imodzi ya mamita 7 ija. Kumbali ya bwalo lakuseri muike chipinda chachikulu chogona, bafa ndi khitchini, ndipo khitchiniyo ikhale ndi chitseko chotulukira kubwalo. Kumbali ya njira kukhale pabalaza ndi chipinda chachiwiri. Chipinda chachiwirichi ndi chimene chili pachiopsezo, chifukwa zenera lake likupenya kumene anthu amadutsa, ndipo pali njira yosavuta yochitetezera popanda kuchichititsa mdima. Maso a munthu wamkulu ataimirira amakhala pa msinkhu wa pafupifupi mita ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Mukakweza pansi pa nyumba ndi masentimita 45 kuposa njira, kenaka zenera n'kuyambira pa mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera pansi pa chipinda, kwa munthu wodutsa panja zeneralo limayambira pa mita imodzi ndi masentimita 65. Iye amangoona siling'i, pomwe wam'kati akuona kunja bwinobwino. Kukweza kumeneku kumathandizanso kuti madzi a mvula oyenda m'njira asalowe m'nyumba, ngakhale kuti kumabweretsa masitepe atatu pakhomo, omwe amavuta okalamba ndi oyenda pa njinga ya olumala, kotero ndi bwino kuti nyumba imodzi, makamaka yoyandikira geti, ikhale ndi potsetsereka m'malo mwa masitepe.

Makoma ogawa mabwalo akuseri afike mita imodzi ndi masentimita 80, ndipo pakati pa khonde ndi khonde muikeponso kakhoma kotuluka mamita 2 aja, kuti munthu wokhala pakhonde pake asamaonane ndi woyandikana naye pokhapokha atafuna. Nyumba yoyamba ndi imene aliyense amaidutsa, pomwe yomaliza palibe woidutsa, ndipo kusiyana kumeneku sikungatheretu. Chimene mungachite ndi kuonetsetsa kuti khoma la nyumba yoyamba lopenya koimika galimoto lisakhale ndi zenera la kuchipinda, kuopa magetsi a galimoto ndi phokoso la geti usiku.

Maso si okhawo amene amalowerera moyo wa munthu, makutu nawonso amatero, ndipo apa ndi pamene nyumba zogundizana zambiri zimalephera. Khoma logawa nyumba ziwiri likhale lochindikala, la njerwa ziwiri, pafupifupi masentimita 23, lopakidwa pulasitala mbali zonse, ndipo likwere mpaka kukagunda malata, lisathere pa siling'i. Amisiri ena amalisiyira pa siling'i pofuna kupulumutsa njerwa, popeza pamwambapo palibe amene amaona, koma mpata wotsalawo umasandutsa denga lonse kukhala chipinda chimodzi: mawu amadutsa, utsi ndi moto zikhoza kudutsa, ngakhalenso munthu akhoza kukwera kudenga kwake n'kukatsikira kwa mnzake. Siling'i isanakhomedwe, kwerani makwerero nokha kapena tumani munthu amene mumamukhulupirira akaone ngati khomalo lafika pamwamba popanda mabowo. Masoketi a magetsi a nyumba ziwiri asaikidwe mopenyana msana ndi msana pakhoma limeneli, chifukwa pamenepo khoma limatsala lopyapyala kwambiri. Ndiponso pulani ya nyumba yachiwiri itembenuzidwe, kuti chipinda chogona chigundane ndi chipinda chogona, khitchini ndi khitchini, pabalaza ndi pabalaza. Munthu amene bedi lake lagunda khoma la pabalaza pa mnzake amagona pokhapokha mnzakeyo akazimitsa wailesi ya kanema.

Pa zinthu zogwiritsa ntchito limodzi, zichepetseni mmene mungathere. Geti, njira, nyali za m'njira ndi malo a zinyalala n'zokwanira. Nyumba iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya madzi ndi ya magetsi, mpopi wake kuseri ndi chingwe chake choyanikira, pakuti bilu yogawana imachititsa anthu kuwerengerana ndowa ndi alendo. Pambali pa geti yaikulu pakhale kageti ka oyenda pansi ka mita imodzi, banja lililonse ndi kiyi wake, kuti wobwera mochedwa asadzutse mnzake. Nyali za m'njira zilumikizidwe ku mita ya inu eni, apo ayi zidzazimitsidwa ndi amene akuzilipira.

Madzi nawo amafuna njira yawo. M'mbali mwa mpanda mudutse ngalande yotsika sentimita imodzi pa mita iliyonse, kutanthauza masentimita 30 pa utali wonse wa puloti, kulowera kumene malowo apendekera. Paipi ya zonyansa idzadutsa m'mabwalo akuseri, popeza mabafa ndi makhitchini ali kumeneko, ndipo bwalo lililonse likhale ndi chivundikiro chotsegulira paipiyo ikatsekeka. Izi zikutanthauza kuti tsiku lina wokonza mapaipi adzafunika kulowa m'bwalo la munthu, choncho mulembe m'pangano la lendi kuti mudzawadziwitsa pasadakhale. Galimoto yopopa thanki idzalowa chobwerera m'njira ya mamita 3 ndi theka ija, ndiye chifukwa chake musalole kuti wina aimikemo galimoto kapena amangemo kashedi. Ngati dothi lanu silimwa madzi msanga, mamita 4 akumapeto akhoza kuchepa, ndipo wojambula pulani ayese dothilo asanatsimikize malo a dzenje lomwetsera madzi.

Maziko asanakumbidwe, pitani pa pulotipo ndi zikhomo ndi chingwe, muyale njira, makonde, makomo ndi mazenera monga zilili papepala. Muimike mwana wanu mmodzi pamene padzakhale bedi la chipinda chachiwiri cha nyumba yoyamba, wina pakhonde la nyumba yapakati, ndipo inu muyende kuchokera pageti mpaka pakhomo lomaliza ngati mlendi wobwera kuchokera kuntchito, mukuona amene maso anu akugwerapo. Pamene mwaona kuti mwayandikira kwambiri, sunthani chikhomo tsiku lomwelo mmisiri ali pomwepo, ndipo muyeso watsopanowo ulembedwe pa pulani imene ipite ku khonsolo.