Wokuwayo ayambe wadikira

"Anamwino, ndili ku sukulu ya unesi, mayeso ayandikira. Magulu a tiraiyeji, kusanja odwala malinga ndi kukula kwa vuto lawo, ndi ABCDE, ndondomeko yoyezera wodwala, ndaloweza, koma akandipatsa odwala awiri nthawi imodzi mutu umaima. Ndiyambe ndi uti?"

Mng'ono wanga, kuloweza kumeneko ndi kumene kumandipweteka mtima ine.

Madzulo ena ndili pa ntchito kuno ku Kasungu anabwera nawo anyamata awiri, njinga yamoto ya kabaza itawombana ndi galimoto pa msewu wa M1. Wina mwendo wothyoka akukuwa mayo mayo mpaka ku wodi kumveka, achibale ali piringupiringu kundikoka yunifomu ati adokotala tayambani uyu. Winayo ali phee pa tirole, akungoliza mkonono, gadiyani wake ati msiyeni wagona. Wagona?! Mkonono umenewo ndi lilime lagwera kumbuyo latseka njira ya mpweya, ndipo ubongo ukasowa okisijeni mphindi zochepa chabe wayamba kuwonongeka. Wokuwa uja anali atandiyankha kale: njira ya mpweya ndi yotseguka, akupuma. Ndinangoyang'ana mwendowo ngati magazi akuthovoka, chifukwa akanatero tikanamanga kaye pomwepo. Ayi ndithu. Ndinathamangira wa phee uja.

Achibale anakwiya, ndipo akwiye. Zoti wofika koyamba athandizidwe koyamba ndi za ku chigayo, osati kuno, kaya wabwera ndi bwana wa pa boma. Nanga si ETAT, tiraiyeji ya ana ija WHO inatulutsa mu 2005, inakulira konkuno ku Malawi, ku Queens ku Blantyre, ana akumwalira pa mzere ali kumsana kwa amayi awo? Magulu ake atatu: wa imajensi umuthandiza pompano, wachiwiri umpititsa kutsogolo kwa mzere, monga khanda losakwana miyezi 2 kapena mwana wotupa mapazi onse, wachitatu adikire. Koma mzerewo uziuyenderanso, wodikira amatha kusintha.

Ndiye pa mayesopo

Zilembo za ABCDE zija zinasanjidwa malinga ndi chimene chimapha msanga, ukapeza vuto konza usanapite kwina. Mnyamata wa phee uja pa A, njira ya mpweya, sitinapendeketse mutu poopa khosi, wina anaugwira, ine ndinakankhira nsagwada kutsogolo, kuyamwa magazi mkamwa ndi sakishoni, mkonono zii. Pa B, kupuma, okisijeni, kuwerenga kapumidwe, kuona ngati chifuwa chikukwera mbali zonse. Pa C, kayendedwe ka magazi, dinikiza chikhadabo, magazi akachedwa kubwerera kupyola masekondi 3, manja ozizira, mtima ukugunda mothamanga koma mofooka, ndi shoko imeneyo, ika makanyula a dilipi awiri akuluakulu. Pa D ndi AVPU, kuona ngati ali maso, akuyankha ukamuitana, akuyankha ukamtsina, kapena sakuyankha konse; iyeyu ankangoyankha ukamtsina, maso uwaunike ndi tochi, shuga usaiwale kuyeza. Pa E mvule, muone ndi kumsana mukumtembenuza thupi lonse pamodzi, kenako mfunditse asazizidwe.

Akasintha muli pa D, bwerera pa A. Pamenepo ndi pamene aphunzitsi amakonda kutcherapo msampha.