LoRA ikungotulutsa malaya amodzimodzi ndipo ikukana katuni

Funso: Zikomo akulu. Ndaphunzitsa LoRA ndi zithunzi 12 za mchimwene wanga, mwini wake atavomera, kuti akhale munthu wa m'kabuku ka nthano za ana. Ndagwiritsa ntchito kohya_ss pa Stable Diffusion 1.5, foda ndinaitcha `40_ohwx man`, `epoch` ndinaika 10, `batch size` 1. Nkhope ikufanana ndithu, koma akungotuluka ndi malaya abuluu omwewo ndi khoma la njerwa kumbuyo, ndipo ndikapempha katuni zikubwerabe ngati chithunzi cha kamera. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mwaipsereza, achimwene. Werengani nokha: zithunzi 12, chilichonse kubwerezedwa ka 40, maulendo 10, ndiye kuti masitepe 4,800. Pa zithunzi zochepa choncho modelo siikuphunziranso nkhope, ikuloweza pamtima. Ndipo zaonekeratu kuti zithunzi zanuzo zinatoledwa tsiku limodzi, pamalo amodzi. Modelo siidziwa kuti munthu amathera pati, malaya amayambira pati. Chilichonse chimene chili m'zithunzi zonse imachitenga kuti ndicho `ohwx`, mawu oitanira munthuyo amene munaika m'dzina la foda. Kwa iyo mchimwene wanu ndi nkhope, malaya abuluu, njerwa ndi kuwala kwa kamera, zonse mtolo umodzi.

Zithunzizo zisintheni. Pezani 20, za masiku osiyana, zovala zosiyana, m'nyumba ndi panja: 10 za nkhope pafupi, zina atayang'ana chammbali, 6 zofika m'chiuno, 4 za thupi lonse. Zonde, musandibweretsere zithunzi zimene zadutsa pa WhatsApp kangapo. Zimafika zitafinyidwa, khungu lili mabokosimabokosi, ndipo modelo imaphunzira mabokosiwo. Awatumize ngati `Document`. Za foni imene yatsegulidwa chosalalitsa khungu chija tayani, chimodzimodzinso za usiku. Zithunzi 15 zoyera zimaposa 40 zoipa.

Kenako tsegulani mafayilo a `.txt` amene amayenda ndi chithunzi chilichonse. Lamulo lake anthu ambiri amalitembenuza. Chimene mwachitchula m'fayilomo modelo imachimangirira ku mawu amene mwalembawo, choncho mawa mungathe kuchisintha. Chimene simunachitchule chimalowa mu `ohwx`. Tchulani malaya, khoma, ndiponso kuti ndi chithunzi cha kamera, koma mphuno, maso ndi maonekedwe a chibwano musatchule:

```
photo of ohwx man, blue shirt, brick wall, smiling, upper body
```

Ngati mafayilowa anakulemberani ndi BLIP kapena WD14, awerengeni limodzi ndi limodzi. Kusawerenga ndiye ulesi umene umaononga ntchito zambiri zotere.

Foda itcheni `10_ohwx man`, `epoch` 8. Zithunzi 20 zikupatsani masitepe 200 pa ulendo uliwonse, onse pamodzi 1,600. `learning_rate` ikhale `1e-4`, `network_dim` 16 kapena 32 ndi yokwanira, `flip_aug` muzimitse chifukwa mbali ziwiri za nkhope ya munthu sizifanana. Chachikulu pa zonse, `save_every_n_epochs` muike 1.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa palibe amene angakuuzeni sitepe yeniyeni yoimira asanaone zotuluka. Zimatengera zithunzi zanu. Mukasunga fayilo yomaliza yokha, muli ngati munthu amene wateleka mpunga nkuchoka, kudzavundukula utapserera. Mukasunga ulendo uliwonse mukhala ndi mafayilo asanu ndi atatu, ndipo ambiri mwa iwo muwayesa pa mayeso amodzi. Mu AUTOMATIC1111 lembani mawu opempha zinthu zimene sizili m'chithunzi chilichonse mwa zanu, m'malo mwa `chimwene` muike dzina la fayilo yanu ya LoRA:

```
ohwx man, red jacket, market street, watercolor illustration <lora:chimwene-000002:0.6>
```

`Seed` ikhale nambala imodzi yosasintha, osati `-1`. Mukaisiya pa `-1` nthawi iliyonse imene mukuyesanso zithunzi ziyambira pena, ndiye simudziwa ngati kusintha kwabwera ndi LoRA kapena ndi mwayi chabe. Sankhani `X/Y/Z plot`, mbali zonse ziwiri muike `Prompt S/R`. Ku X lembani `000002,000003,000004,000005,000006,000007`, ku Y lembani `0.6,0.8,1.0`. Mupeza zithunzi 18 pa tsamba limodzi.

Tsambalo liwerengeni kuchokera kumanzere. Zoyamba zikhala za mlendo, munthu amene mwina ndi wachibale koma si iyeyo. Chapakati nkhope iyamba kugwira, jekete lidakali lofiira, msika ulipo, utoto wa madzi ukuoneka. Mukamapita kumanja muona jekete likuyamba kuda kulowera ku buluu, njerwa zikusuzumira kumbuyo, khungu likuyamba kunyezimira ngati la pa kamera, mitundu ikuwala mopyola. Pamenepo ndi pamene kupserera kwayambira. Bwererani fayilo imodzi kumbuyo, imeneyo ndiyo yanu. Musaweruze ndi kufanana kwa nkhope kokha, pakuti fayilo yopserera nkhope imafanana kwambiri, nchifukwa chake anthu amaikonda. Muyeso ndi wakuti ikumvera mukaipempha chachilendo.

Mayesowa amakuuzaninso pamene pali vuto. Ngati malaya abuluu akuoneka kale pa `000002` mphamvu ili 0.6, masitepe alibe mlandu, bwererani ku zithunzi ndi mafayilo a `.txt`. Ngati mwafika `000007` pa 1.0 koma nkhope sinagwire, zithunzi zapafupi zachepa kapena ndi zosaoneka bwino. Bwerezani tsambali ndi `Seed` zina ziwiri, kenako ndi mawu opempha munthuyo atayang'ana chammbali ndi ali patali thupi lonse. Pa chithunzi cha mapikiselo 512 nkhope ya munthu woima patali imakhala timadontho tochepa ndipo imaphwanyika. Limenelo si vuto la LoRA, likonzeni ndi `inpaint` pa nkhope pokha.

Za katuni. Phunzitsani pa modelo yaikulu ya 1.5, koma potulutsa zithunzi ikani modelo ya zojambula ya banja lomwelo. LoRA ya 1.5 siigwira pa SDXL. Chenjeraninso ndi mamodelo a katuni za ku Japan: amakonda kuyeretsa khungu ndi kuchepetsa mphuno ndi milomo, mpaka mchimwene wanu asanduka munthu wina. Lembani `dark skin` popempha, ndipo zikapitirira sinthani modeloyo, musakweze LoRA kupyola 1.0.

Koma pa kabuku ka masamba ambiri LoRA ya zithunzi za kamera siikwanira yokha. Imadziwa nkhope, siidziwa kuti nkhopeyo ijambulidwe motani, choncho tsamba lina maso akula, lina achepa. Igwiritseni ntchito kutulutsa zojambula zambiri pa modelo imodzi ndi mawu amodzi a kajambulidwe, musankhemo 20 kapena 25 zofanana zenizeni, zala zili zisanu, munthu ataima mosiyanasiyana. Pa zimenezo phunzitsani LoRA yachiwiri, mawu oitanira akhale ena. Ulendo uno ngati mukufuna kuti azivala jekete lofiira m'kabuku monse, zojambula zonse zikhale za jekete lomwelo ndipo musalitchule m'mafayilo a `.txt`, lilowe m'mawu oitanirawo. Mayeso a tsamba aja muwachitenso pa LoRA yachiwiriyi, chifukwa zojambula zofanana chonchi imaziloweza msanga kuposa zithunzi za kamera.