Kupuma kofulumira ndiko kumayamba kuchenjeza

"Ndikukonzekera mayeso a unamwino. Pa NEWS2, ndi chizindikiro chiti choyamba kuonetsa kuti wodwala akudwalika?"

Achemwali, pa NEWS2, njira yoperekera mapointi pa zizindikiro za wodwala kuti tione mmene akudwalikira, nthawi zambiri kumakhala kupuma. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi, ndipo ambirife timangolemba 18 osawerenga n'komwe, chinthu chimene chimandipweteka mtima. Werengani mphindi yathunthu mukuoneka ngati mukumva kugunda kwa mtima pamkono, chifukwa wodwala akadziwa amasintha kapumidwe.

Tiyerekeze bambo wochitidwa opaleshoni masiku awiri apitawo. Akupuma ka 23, ndiye mapointi 2. Mtima ukugunda ka 112, mapointi 2 enanso, ndipo thupi latentha kufika 38.4, pointi 1. Magazi akuthamanga bwino, nambala yapamwamba ili pa 118, okosijeni ali pa 96 peresenti popanda chomuthandiza kupuma, ndipo akuyankhula zomveka. Zonse pamodzi ndi 5, ndipo pa 5 dokotala ayenera kumuona mwamsanga, inu mukumuyeza ola lililonse, poganizira kuti mwina matenda alowa m'magazi.

Musadikire kuti kuthamanga kwa magazi kutsike. Thupi limayesetsa kukusunga pamalo pake, choncho kumatsika mochedwa. Wodwala akayamba kusokonezeka maganizo mwadzidzidzi, chimenecho chokha ndi mapointi 3, itanani dokotala ngakhale zina zonse zili bwino.